Chifukwa chake vidiyo ya pafoni imakana kusewera pa kompyuta ina, ndi mitundu ya fayilo yoyenera kuyesa

Mphwanga anajambula chinkhoswe cha mchemwali wathu ndi foni ya iPhone 12, ndipo gawo limene tonse tinkalifuna kwambiri linali la mphindi 12 zimene ankhoswe a mbali ziwiri ankapatsana nkhuku, amayi akululutira kumbuyo. Pa foniyo vidiyo inkaoneka bwino kwambiri, moti ngakhale nthenga za tambala zinkawerengeka. Tsiku lotsatira tinaikopera mu fulashi n'kupita nayo kwa amalume, amene sanathe kubwera chifukwa cha miyendo, kuti akaonere pa laputopu yawo. Titaitsegula, nthungululu zinamveka, mawu a ankhoswe anamveka, koma sikirini inali bii, ndipo pakati pake panabwera uthenga wonena kuti fayiloyo inasungidwa m'njira imene pulogalamuyo siidziwa, pamodzi ndi nambala yakuti 0xc00d5212. Amalume anafunsa ngati fulashi ili ndi vayirasi, mphwanga anaganiza kuti vidiyo yaonongeka, koma zonse ziwiri sizinali zoona. Fayilo inali yabwinobwino, kungoti laputopuyo inalibe chomasulira chithunzi cha mtundu umenewo.

Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kuyamba ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziyesa chimodzi. Fayilo ya vidiyo ili ngati envelopu imene muli makalata awiri, ina ya chithunzi ndi ina ya mawu. Zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo, monga .mp4, .mov, .mkv, .avi kapena .3gp, zimangonena mtundu wa envelopuyo, kutanthauza dongosolo limene chithunzi ndi mawu zaikidwira pamodzi kuti ziziyendera limodzi. Chilankhulo chimene makalatawo alembedwera ndi nkhani ina, ndipo chimenecho ndi chimene amachitcha kodeki. Munthu akhoza kutsegula envelopu bwinobwino, n'kuwerenga kalata yoyamba chifukwa ili m'Chichewa, koma n'kulephera yachiwiri chifukwa ili m'chilankhulo chimene sanaphunzire. Izi ndi zimene zinachitika kwa amalume. Laputopu inatsegula envelopu ya MOV, inawerenga mawu amene anali mu kodeki ya AAC, imene pafupifupi makina onse amaidziwa, koma inaima itafika pa chithunzi. N'chifukwa chake mafayilo awiri onse othera ndi .mp4 akhoza kuchita zosiyana pa kompyuta imodzi, ina n'kusewera ina n'kukana, ndipo n'chifukwa chakenso kusintha dzina la fayilo kuchoka ku .mov kupita ku .mp4 sikuthetsa vuto la kodeki, popeza kulemba adiresi ina pa envelopu sikusintha chilankhulo cha kalata.

Kodeki imakhalapo chifukwa vidiyo yosapanikizidwa ndi yaikulu mosaneneka. Chithunzi chimodzi cha 1080p chili ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, zimene zimapitirira pang'ono timadontho 2 miliyoni, ndipo kadontho kalikonse katasungidwa ndi mabayiti atatu, chithunzi chimodzicho chimatenga pafupifupi 6 MB. Foni imajambula zithunzi 30 pa sekondi, choncho mphindi imodzi ikanapitirira 10 GB. Kodeki imapewa zimenezi posunga chithunzi chathunthu mwa apo ndi apo, ndipo pa zithunzi zapakati imangolemba zimene zasintha: dzanja la nkhoswe lasuntha chakumanja, koma khoma lakumbuyo lili momwemo. Posewera vidiyo, kompyuta iyenera kumanganso chithunzi chilichonse kuchokera ku malangizo amenewa, ndipo ngati siidziwa malamulo amene foni inatsata polemba, palibe chimene ingaonetse.

Makodeki amene amatikhudza pa nkhani ya mafoni ndi awiri makamaka. Yoyamba ndi H.264, imene imatchedwanso AVC, ndipo inakhazikitsidwa mu 2003. Yakhala nthawi yaitali moti Windows 7 inkaisewera kale popanda kuwonjezera chilichonse, ndipo mawayilesi a kanema, mapulojekita ndi mafoni otsika mtengo amaidziwa. Yachiwiri ndi H.265, imene dzina lake lofala ndi HEVC, ya mu 2013. Ubwino wake ndi wakuti imasunga chithunzi chokongola mofanana m'malo ochepa, pafupifupi theka. Pa iPhone, mphindi imodzi ya 1080p pa zithunzi 30 imatenga pafupifupi 130 MB mu H.264 koma 60 MB yokha mu HEVC, ndipo ya 4K imatsika kuchoka pa 350 MB kufika pa 170 MB. Opanga mafoni anaona phindu limeneli. Kampani ya Apple inayamba kujambulira mu HEVC ndi iOS 11 mu 2017, pa iPhone 7 ndi zotsatira zake, ndipo mafoni ambiri a Android, kuphatikizapo a Samsung, ali ndi batani lofanana ndi limeneli m'makonzedwe a kamera. Mwini foni nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti foni yake ikulemba mu HEVC, chifukwa foni imene yalemba imawerenganso yokha popanda vuto.

Tsoka lake ndi lakuti HEVC ili ndi eni ake ambiri amene amafuna ndalama za chilolezo kwa aliyense woika chomasulira chake m'makina kapena m'pulogalamu. Pa chifukwa chimenechi, makompyuta ambiri a Windows 10 alibe chomasulirachi pokhapokha wopanga kompyutayo atachilipirira, ndipo Microsoft imachigulitsa padera mu Microsoft Store pansi pa dzina lakuti HEVC Video Extensions, pa mtengo wa pafupifupi dola imodzi ya ku America. Ndalamayo ndi yochepa, koma kwa munthu amene alibe khadi lolipirira pa intaneti ndi chipupa chenicheni, makamakanso pamene laputopu ili yogulidwa pa kaunjika, yoikidwanso Windows ndi wokonza makompyuta, mmene zambiri zimakhalira.

Njira yachidule imene ndimayamba nayo nthawi zonse ndi pulogalamu ya VLC, imene ndi yaulere ndipo imabwera ndi zomasulira zakezake, osadalira zimene Windows ili nazo. VLC imathandiza pawiri, chifukwa kupatula kusewera vidiyo imakuuzaninso chimene chili mkati mwa envelopu. Mukatsegula fayilo n'kupita pa Tools kenako Codec Information, kapena kudina Ctrl+J, mumaona mzere wa chithunzi ndi mzere wa mawu. Mukawerenga kuti H264 - MPEG-4 AVC (part 10), ndiye kuti kodeki ndi yakale ija yodziwika, ndipo vuto muliyang'ane kwina. Mukawerenga kuti MPEG-H Part2/HEVC (H.265), mwapeza chimene chikutsekereza. Pulogalamu ina yaulere yotchedwa MediaInfo imanena zambiri kuposa pamenepa, ndipo ndimaikonda chifukwa imatchula zinthu ziwiri zimene tizifuna posachedwa, Format profile ndi Bit depth. Ndikulimbikitsa kwambiri kuti munthu ayang'ane mkati mwa fayilo asanayambe kuisintha, chifukwa ndaonapo anthu akutha madzulo onse akusintha vidiyo kuchoka mtundu uwu kupita mtundu uwo, pamene vuto lake silinali la mtundu n'komwe.

Pa laputopu ya amalume tinaika VLC, ndipo chithunzi chinabwera, koma nkhani sinathere pomwepo. Vidiyo inkayenda modukizadukiza, chithunzi chinkaima kwa masekondi angapo mawu akupitirira, nthawi zina nkhope zinkasungunuka n'kukhala timabokosi totuwa, ndipo fani ya laputopu inkalira ngati chigayo. Ili ndi vuto lachiwiri, losiyana ndi loyamba ngakhale gwero lake ndi HEVC yomweyo. Kumasulira HEVC ndi ntchito yolemera kwambiri kuposa kumasulira H.264. Makompyuta atsopano ali ndi kagawo kapadera mkati mwa purosesa kapena khadi ya zithunzi kamene ntchito yake ndi imeneyi yokha, ndipo kamaigwira mosavutika. Pa mapurosesa a Intel, kagawoka kanayamba kumasulira HEVC mokwanira pa m'badwo wachisanu ndi chimodzi, wa mu 2015, ndipo HEVC ya mabiti 10, imene tiifotokoza kutsogoloku, inayamba kumasuliridwa mokwanira pa m'badwo wachisanu ndi chiwiri. M'badwo wa purosesa umadziwika ndi nambala yoyamba pambuyo pa kamzere, kapena manambala awiri oyamba kuyambira pa m'badwo wa khumi: i5-3320M ndi ya m'badwo wachitatu, i5-7200U ndi ya wachisanu ndi chiwiri. Ya amalume inali ya m'badwo wachitatu, choncho ntchito yonse inagwera purosesa yeniyeniyo, imene inkayenera kumanga zithunzi 30 pa sekondi, chilichonse cha 4K, kutanthauza timadontho 3840 kwa 2160, kuwirikiza kanayi kukula kwa 1080p. Mungathe kudzionera nokha zimenezi podina Ctrl+Shift+Esc vidiyo ikusewera. Ngati CPU, imene ndi purosesa ija, ikuonetsa 100% kapena pafupi ndi pamenepo, palibe pulogalamu ina imene ingakupulumutseni, ndipo kugula chomasulira chija kungakhale kutaya ndalama. Chofunika ndi kuipepukitsa vidiyoyo.

Apa ndi pamene kusintha fayilo kumakhala koyenera, ndipo mtundu woyamba kuyesa, umene nthawi zambiri umakhalanso womaliza, ndi envelopu ya MP4 yokhala ndi chithunzi cha H.264, mawu a AAC, kukula kwa 1080p ndi mabiti 8. Mbali zonsezi ndi zofunika, chifukwa kungosankha MP4 popanda kuyang'ana kodeki kukhoza kukupatsani HEVC yomwe ija mu envelopu yatsopano. Pulogalamu imene ndimagwiritsa ntchito ndi HandBrake, yomwenso ndi yaulere. Mumatsegula fayilo ndi Open Source, mumasankha Fast 1080p30 pa mndandanda wa Preset, mumaonetsetsa kuti Format ili pa MP4 ndipo Video Encoder ili pa H.264 (x264), kenako mumasankha kumene fayilo yatsopano isungidwe n'kudina Start Encode. Pa tsamba la Video pali nambala ya RF imene imalamulira kukongola kwa chithunzi. Nambalayi ikakhala yaing'ono chithunzi chimakongola koma fayilo imakula, ndipo pakati pa 20 ndi 23 ndi pabwino pa 1080p. Kuikweza kufika cha ku 28 kumachepetsa fayilo kwambiri, koma zitenje za mawangamawanga ndi masamba a mitengo zimayamba kuoneka ngati zopakidwa matope, chifukwa tinthu ting'onoting'ono tosunthasuntha ndi timene kodeki imayamba kutaya.

Kusintha kumeneku kumatenga nthawi, ndipo pa makina akale kumatenga nthawi yaitali kuposa kutalika kwa vidiyo yeniyeniyo, chifukwa kompyuta iyenera kumasula chithunzi chilichonse kenako n'kuchilembanso. Koma kusiyana kwake ndi kusewera ndi kwakuti posintha palibe changu, kompyuta imapita pa liwiro lake mpaka kumaliza, choncho ngakhale laputopu imene yalephera kusewera vidiyo ikhoza kuisintha. Muilumikize ku magetsi, ndipo ngati magetsi ndi osadalirika muyambe batire ili yodzaza, chifukwa ntchitoyi ikadukira panjira fayilo yatsopano imakhala yosatseguka ndipo mumayambiranso poyamba. Ife tinasinthira pa laputopu yanga, imene ndi yatsopanoko, ndipo fayilo imene inali yopitirira pang'ono 2 GB inatsika kufika pa gawo lochepa chabe la kukula kumeneko.

Titaisewera, inayenda bwino popanda kudukiza, koma mitundu inali itafwifwa. Chitenje chofiira cha apongozi chinkaoneka ngati chachapidwa kambirimbiri, ndipo nkhope zonse zinali zotumbuluka. Limeneli ndi vuto limene limadabwitsa anthu ambiri chifukwa palibe uthenga uliwonse umene umabwera. Kuyambira pa iPhone 12, ya mu 2020, kamera imajambula mu HDR ya mtundu wa Dolby Vision, ndipo mafoni ena a Samsung ali ndi yawo yotchedwa HDR10+. Vidiyo wamba imasunga mtundu uliwonse wa kuwala m'masitepe 256, amene ndi mabiti 8, pamene ya HDR imasunga m'masitepe 1024, amene ndi mabiti 10, ndiponso imayeza kuwala ndi mitundu pa muyeso wina wotakata. Pulogalamu ikangotenga manambala a muyeso wotakatawo n'kuwaonetsa ngati a muyeso wamba, zotsatira zake ndi chithunzi chofwifwa, kapena nthawi zina chowala mopitirira. MediaInfo inali itatiuza kale zimenezi pamene inalemba kuti Format profile ndi Main 10 ndipo Bit depth ndi 10 bits, kungoti ndinadumpha mzerewo. Mankhwala ake mu HandBrake ali pa tsamba la Filters, pamene pali Colorspace, ndipo mukasankha BT.709, umene ndi muyeso wa vidiyo wamba, pulogalamu imawerengetsanso kuwala ndi mitundu kuti zikwane bwino pa sikirini wamba. Tinabwereza ntchitoyo kuchokera ku fayilo yoyambirira, osati ku yofwifwa ija, ndipo chitenje chinabwerera kufiira kwake.

Mfundo ya fayilo yoyambirira ndiiumirire pang'ono. Kusintha kulikonse kuchoka mu kodeki ina kupita mu ina kumataya kanthu kena ka chithunzi, ndipo chotayikacho sichibwerera. Mukasintha fayilo yosinthidwa kale, mumataya kachiwiri. Choncho fayilo imene inachoka mu foni isungidwe mmene ilili, ngakhale ikukana kusewera lero, chifukwa kompyuta imene mudzakhale nayo mtsogolo idzaisewera mu 4K yake yonse. Yosinthidwayo ndi yongoyendera nayo.

Kwa amene sachita mantha ndi kulemba malamulo pa kompyuta, pulogalamu ya ffmpeg imagwira ntchito yomweyi ndi mzere umodzi, pa vidiyo yojambulidwa foni itagonekedwa ndiponso yopanda HDR:

```
ffmpeg -i IMG_2041.MOV -vf scale=-2:1080 -c:v libx264 -crf 21 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 160k chinkhoswe.mp4
```

Gawo lakuti -pix_fmt yuv420p ndi limene limakakamiza kuti chithunzi chikhale cha mabiti 8, ndipo likasiyidwa pa vidiyo ya mabiti 10 mukhoza kupeza H.264 ya mabiti 10, imene makina ambiri saidziwa kuposanso HEVC. Koma mzerewu suwerengetsanso mitundu ya HDR, choncho pa vidiyo yoteroyo HandBrake ndi yosavuta. Pali nthawi inanso pamene kodeki ili yabwino kale, H.264 ndi AAC, koma chipangizo kapena pulogalamu ikukana envelopu yokha, monga MOV kapena MKV. Pamenepo simufunika kulembanso chithunzi, mumangosamutsa makalata kupita mu envelopu ina, ntchito imene imatha m'masekondi ochepa ndipo siitaya kanthu:

```
ffmpeg -i IMG_2041.MOV -c copy chinkhoswe.mp4
```

Tsopano tibwere ku mtundu wina wa vuto, umene ndi wowawa kwambiri chifukwa kusintha fayilo sikuuthetsa. Ngati VLC nayonso yakana, osaonetsa chithunzi, mawu kapena kutalika kwa vidiyo, ndipo pa Codec Information palibe cholembedwa, n'kutheka kwambiri kuti fayilo ndi yoduka. Mafayilo a MP4 ndi MOV ali ndi kagawo kotchedwa moov, kamene kali ngati mndandanda wa zamkatimu: kamanena kodeki imene yagwiritsidwa ntchito, ndi pamene chithunzi chilichonse chayambira ndi kuthera mkati mwa fayilo. Foni singalembe mndandandawu isanadziwe kutalika kwa vidiyo, choncho nthawi zambiri imaulemba kumapeto, munthu akadina batani loimitsa. Zotsatira zake ndi zakuti fayilo imene yakopedwa pafupifupi yonse, n'kungotsala kachidutswa ka kumapeto, imakhala yosatseguka yonse, osati kumapeto kokha. Mukaipereka kwa ffmpeg imayankha kuti moov atom not found, ndipo mapulogalamu a Windows kawirikawiri amaonetsa nambala yakuti 0xc00d36c4.

Kuduka kumeneku kumabwera m'njira zingapo zodziwika. Yofala kwambiri ndi kuzula fulashi kapena chingwe cha foni kukopera kusanathe, ndipo Windows nthawi zina imachotsa kabokosi koonetsa kukopera pamene zina zikadalembedwa, n'chifukwa chake kudina Eject musanazule si mwambo chabe. Ina ndi fulashi yokonzedwa mu FAT32, imene siilandira fayilo yoposa 4 GB ngakhale fulashiyo ikhale ndi malo ambiri otsala. Vidiyo ya 4K pa zithunzi 60, imene pa iPhone imadya pafupifupi 400 MB pa mphindi, imafika pa malire amenewa m'mphindi pafupifupi 10 zokha. Fulashi yoteroyo iyenera kukonzedwanso mu exFAT, imene Windows ndi Mac zonse zimawerenga, koma kumbukirani kuti kukonzanso kumafufuta zonse zili momwemo. Palinso mafulashi ndi mamemori khadi achinyengo, olembedwa kuti 64 GB pamene mkati mwake muli malo ochepa kwambiri. Amenewa amalandira mafayilo popanda kudandaula, maina ndi kukula kwake kumaoneka bwino, koma zimene zalembedwa malo enieni atatha zimapita kopanda kanthu. Chizindikiro chake ndi chakuti mafayilo oyamba kuikidwa amatseguka pamene omaliza onse amakana.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Yang'anani kukula kwa fayilo pa foni, kenako pa kompyuta dinani fayilo ndi batani lakumanja n'kusankha Properties, ndipo muyerekeze manambala awiriwo. Ngati ya pa kompyuta ili yaing'ono moonekeratu, kapena ili 0, koperaninso. Ngati kukula kukufanana koma ikukanabe pamene pa foni ikusewera, kayikirani fulashi ndipo yesani kukopera kuchoka pa foni kupita pa kompyuta mwachindunji. Malinga ngati vidiyo ikadali pa foni ndipo ikusewera kumeneko, palibe chimene chatayika, ndipo n'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona munthu akufufuta vidiyo pa foni atangomaliza kukopera, asanaitsegule n'komwe pa kompyuta n'kuidumphitsa kufika chakumapeto. Zinthu zimavuta pamene foni yeniyeniyo inazima ikujambula, batire itatha, chifukwa pamenepo mndandanda uja mwina sunalembedwe n'komwe. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa untrunc imene imayesa kuumanganso poonera pa vidiyo ina yabwino yojambulidwa ndi foni yomweyo pa makonzedwe omwewo. Nthawi zina imapulumutsa vidiyo yonse, nthawi zina chithunzi chokha mawu atasokonekera, ndipo nthawi zina imalephera.

Ambiri adzafunsa chifukwa chimene vidiyo yomweyo imasewera bwino ikatumizidwa pa WhatsApp. Yankho lake ndi lakuti WhatsApp imasintha vidiyo isanaitumize, kuichepetsa ndi kuiika mu H.264, ndipo pochita zimenezi imathetsa vuto la kodeki mwini wake osadziwa. Ndi njira yothandiza pa kavidiyo kafupi kofunika msanga, koma chithunzi chimatsika kwambiri, ndipo pa sikirini yaikulu kapena pa pulojekita kutsikako kumaonekera. Mukaitumiza ngati Document, fayilo imapita mmene ilili, ndi kukongola kwake konse pamodzi ndi HEVC yake, ndipo bandulo imene idye ndi yofanana ndi kukula kwa fayiloyo.

Ponena za mitundu ina yoyesa pamene MP4 ya H.264 yalephera, maganizo anga ndi akuti ndi yochepa ndipo iliyonse ili ndi malo ake. Choyamba, musanachoke pa H.264, itsitseni kufika pa 720p ndi Preset ya Fast 720p30, chifukwa kompyuta yofooka kwambiri ikhoza kuvutika ndi kukula osati kodeki. WMV ndi ya makompyuta akale kwambiri a Windows ndi PowerPoint yakale, chifukwa kuyambira pa PowerPoint 2013 mtundu umene Microsoft imalimbikitsa ndi MP4 ya H.264 ndi AAC yomwe ija. AVI yokhala ndi kodeki ya Xvid ndi ya makina akale a DVD okhala ndi polowetsa fulashi, ndipo ambiri a iwo salandira chithunzi choposa timadontho 720 m'litali. 3GP ndi ya timafoni ting'onoting'ono ta mabatani, ndipo pa kompyuta imangoononga chithunzi. WebM, imene imanyamula makodeki a VP9 kapena AV1, imasewera bwino mu Chrome ndi Firefox, koma AV1 ndi ya mu 2018 ndipo imalemetsa makina akale mofanana ndi HEVC. MKV ndi envelopu yabwino imene imalandira pafupifupi kodeki iliyonse, koma kulandira chilichonseko ndi kumene kumachititsa kuti dzina lake lisakuuzeni kanthu za zimene zili mkati, ndipo mapulogalamu ena okonzera mavidiyo amaikana.

Pali kavuto kena kamene kamaonekera pokhapokha vidiyo ikalowetsedwa mu pulogalamu yokonzera, pamene milomo ndi mawu zimayamba kusiyana pang'onopang'ono vidiyo ikamapita. Mafoni sasunga liwiro limodzi la zithunzi, amalitsitsa kukada kapena foni ikatentha, ndipo mapulogalamu ena okonzera amayembekezera liwiro losasintha. Mu HandBrake, kusankha Constant Framerate pa tsamba la Video kumakonza zimenezi.

Chotsala ndi kukonza foni kuti vutoli lisabwerenso, ndipo zimenezi zichitike mwambo usanayambe, chifukwa makonzedwe atsopano sakhudza mavidiyo ojambulidwa kale. Pa iPhone mumapita pa Settings, Camera, Formats n'kusankha Most Compatible m'malo mwa High Efficiency, kenako pa Record Video mumazimitsa HDR Video n'kusankha 1080p at 30 fps kapena 1080p at 60 fps. Dziwani kuti 4K ya zithunzi 60 imafuna HEVC basi, choncho mukaisankha foni imajambulabe mu HEVC. Pa makonzedwe a Photos mu Settings palinso gawo la Transfer to Mac or PC, pamene Automatic imachititsa kuti foni isinthe fayilo pamene ikukopedwa kudzera pa chingwe. Zimenezi zimathandiza pa mavidiyo aafupi, koma pa aatali kukopera kumatha kudukira panjira, ndipo zikatero ndi bwino kusankha Keep Originals n'kukasintha pa kompyuta. Pa Samsung, makonzedwe ali mkati mwa pulogalamu ya kamera, pa Advanced video options, pamene mumazimitsa High efficiency videos kapena kusankha H.264, malinga ndi mtundu wa foni, ndi kuzimitsanso HDR10+. Mafoni ena a Android amaika batanili m'malo osiyanasiyana, koma mawu oyang'ana ndi omwewo, HEVC, H.265 kapena High efficiency.

Mtengo wa chisankho chimenechi ndi malo. Ola limodzi la 1080p pa zithunzi 30 limatenga pafupifupi 7.8 GB mu H.264 poyerekeza ndi 3.6 GB mu HEVC, ndipo pa foni yodzaza kale kusiyanaku kukhoza kudula kujambula mwambo uli mkati. Ngati mavidiyo anu amathera pa foni pomwepo ndi pa WhatsApp, HEVC ikhalebe. Ngati akupita ku laputopu za abale, ku pulojekita ya ku tchalitchi kapena kwa wokonza mavidiyo amene simudziwa makina ake, sankhani H.264, ndipo mujambule kavidiyo ka masekondi 10 n'kukayesa pa makina enieniwo tsikulo lisanafike. Mphwanga anasintha makonzedwe a foni yake ukwati usanachitike, anasamutsa zithunzi zakale kuti apeze malo, ndipo vidiyo ya ukwatiwo amalume anaitsegula okha kuchokera mu fulashi yomwe ija, ndi pulogalamu yomwe ija imene inakana ya chinkhoswe.